Pepala la makina linati pH 7.32: nkhani ya funso lomwe linagwetsa kalasi

Ndimaphunzitsa anamwino a chaka chomaliza, ndipo masiku ena ndimagwiranso ntchito mu wodi ya odwala mwakayakaya. Lachisanu lililonse ndimapereka kamayeso ka mphindi khumi ndi zisanu. Funso lomwe ndifotokoze pano ndinalitenga kwa wodwala yemwe ndinamusamalira nawo, ndinangosintha zomwe zingamudziwitse kwa anthu. Ophunzira ambiri analilakwa, ndipo analilakwa mofanana, chomwe chinandionetsa kuti vuto silinali ulesi wawo koma njira yomwe tinawaphunzitsa yowerengera zotsatira za mpweya wa m'magazi.

Wodwalayo ndi funso lake

Mnyamata wa zaka 19, wolemera makilogalamu 52, wakhala akudzibaya insulini kwa zaka zinayi chifukwa cha matenda a shuga. Insulini inamuthera masiku atatu asanabwere kuchipatala. Kwa masiku awiri ankasanza chilichonse, ngakhale madzi akumwa. Amayi ake, omwe anali gadiyani, anandiuza kuti, "Anesi, mwanayu phala likangolowa likutuluka. Usiku wathawu wasanza kasanu ndi kawiri, ndatopa n'kutaya beseni." Mawu amenewa ndinawalemba m'funso monga momwe anawanenera, chifukwa theka la yankho linali m'menemo.

Pomuyeza, lilime linali louma gwa, maso olowa m'kati. Mtima unkagunda ka 124 pa mphindi, bipi inali 98/60. Ankapuma ka 30 pa mphindi, kupuma kozama kokoka mpweya wambiri ngati munthu yemwe wangotula thumba la chimanga, koma m'chifuwa munalibe phokoso lachilendo. Ankayankha mafunso mochedwa koma molondola. Magazi tinatenga pa mtsempha wogunda wa pamkono, asanapatsidwe okosijeni. Makina anatulutsa izi, ndipo za michere zinachokera ku labu pa magazi a nthawi yomweyo:

```
pH      7.32
PaCO2   30 mmHg  (4.0 kPa)
PaO2    85 mmHg  (11.3 kPa)
HCO3-   15 mmol/L
Na+     136   Cl-  90   K+  4.1  mmol/L
Glu     28 mmol/L
```

Mkodzo unaonetsa 3+ ya maketoni, asidi yemwe thupi limapanga insulini ikasowa, ndipo alubumini, puloteni ya m'magazi, inali 42 g/L.

Mayankho osankha anali anayi. A ankati asidi wachuluka pang'ono chabe m'magazi, mapapo akuthandiza, ndipo sizinafike pa vuto lalikulu la maketoni. B ankati vuto ndi kupuma mopitirira muyeso chifukwa cha mantha. C ankati pali asidi wambiri wa maketoni, mapapo akubweza mokwanira, komanso pali vuto lachiwiri la kusanza lomwe likukweza bayikaboneti, mchere womwe umaziziritsa asidi m'magazi. D ankati asidi wachuluka ndipo mapapo nawo akulephera kutulutsa mpweya woipa.

Pafupifupi kalasi yonse inasankha A. Atatu okha ndi omwe anasankha C, ndipo mmodzi wa atatuwo anaulula yekha kuti anangosankha chifukwa linali yankho lalitali kuposa onse.

Mmene ophunzira anafikira pa A

Sindinayambe ndi kupereka yankho. Ndinaitana mtsikana wina wanzeru kwambiri m'kalasimo kuti alembe pa bolodi momwe anaganizira. Analemba mivi itatu: pH, yomwe imatsika asidi akachuluka m'magazi, pansi; PaCO2, muyeso wa mpweya woipa, pansi; HCO3-, yomwe ndi bayikaboneti, pansi. Kenaka anati, "Aphunzitsi, pH yoyenera ndi 7.35 mpaka 7.45, ndiye 7.32 ndi asidi koma wochepa. Bayikaboneti yoyenera ndi 22 mpaka 26, pano ndi 15, yatsika limodzi ndi pH, ndiye gwero lake si mapapo. PaCO2 yoyenera ndi 35 mpaka 45, pano ndi 30, ndiye mapapo akuyesetsa kubweza. Komanso munatiphunzitsa kuti vuto la maketoni timalitchula pH ikatsika kufika pansi pa 7.30. Iyi sinafike."

Palibe chomwe ananama. Mivi yake inali yolondola yonse, ndipo yankho B analichotsa bwino: kukanakhala kupuma kwa mantha kokha, mpweya woipa ukatsika pH ikanakwera kupitirira 7.45, osati kutsika. Njira ya miviyi ndi yabwino pa wodwala yemwe ali ndi vuto limodzi. Imatiuza mbali yomwe yapambana pa kukokanakokana, koma siitiuza kuti okoka chingwewo alipo angati. Mnyamatayu anali ndi awiri, wina akukokera uku wina uko, ndipo pH inangoima pakati pawo.

Choyamba, manambalawa akugwirizana?

Ndisanamasulire pepala lililonse ndimayamba ndaona ngati manambala atatu aja angakhaledi a munthu mmodzi. Makina amayeza pH ndi PaCO2, bayikaboneti amachita kuiwerengetsera kuchokera pa ziwirizo, choncho zitatuzi ziyenera kugwirizana nthawi zonse. Njira yachidule ndi iyi:

```
H+ = 24 x PaCO2 / HCO3-
   = 24 x 30 / 15 = 48 nmol/L
```

Pa pH 7.40 nambala imeneyi ya H+, yomwe ikuimira kuchuluka kwa asidi, imakhala 40, pa 7.30 imakhala 50. Choncho 48 ikugwa pa 7.32 ndendende. Pepalali ndi loona.

Ndimaumirira pamenepa chifukwa ndinachitapo manyazi. Chaka changa choyamba chophunzitsa ndinapeka manambala pamutu, ndinalemba pH 7.10 pamodzi ndi PaCO2 30 ndi bayikaboneti 20. Mnyamata wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja nati munthu wotere kulibe. Ankanena zoona, pakuti manambala awiriwo amapereka pH ya pafupifupi 7.44. Mu wodi, manambala akakana kugwirizana chonchi nthawi zambiri amakhala kuti wina walakwitsa pokopera m'failo, kapena waphatikiza bayikaboneti ya ku labu ya m'mawa ndi pH ya masana.

Za okosijeni sindinachedwepo, kupatula chinthu chimodzi. Wophunzira wina anadandaula kuti 85 ndi yochepa kwa mnyamata yemwe akupuma mwamphamvu chotere, popeza mabuku amaonetsa 95 kapena 100. Mabukuwo amawerengera munthu wokhala m'mbali mwa nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe mphamvu ya mpweya wotizinga ili cha m'ma 670 mmHg osati 760. Mukawerengetsera, okosijeni yemwe angafike m'timatumba ta mapapo a mnyamatayu ndi pafupifupi 93 mmHg. Kupeza 85 m'magazi ndiye kuti mapapo ake ali bwinobwino. Kupuma kwake kozama kuja si chibayo. Ndi kupuma komwe Adolf Kussmaul anakufotokoza mu 1874 mwa odwala shuga omwe anali pafupi kukomoka, thupi likutaya mpweya woipa kuti lichepetse asidi.

Mapapo akubweza mokwanira kodi?

Mawu oti "mapapo akubweza" ophunzira amawakonda, koma sawayeza. Akangoona PaCO2 yatsika amakhutira. Funso lenileni ndi lakuti yatsika kufika pomwe iyenera kufika? Pa asidi wochokera m'thupi timagwiritsa ntchito chiwerengero cha Winters:

```
PaCO2 = 1.5 x HCO3- + 8  (± 2)
      = 1.5 x 15 + 8 = 30.5 mmHg
```

Tikuyembekezera pakati pa 28.5 ndi 32.5. Wodwalayu ali pa 30. Mapapo akuchita ntchito yomwe akuyenera kuchita, osaposera, osaperewera. Yankho D lagwa pamenepa.

Awiri mwa ophunzira anasankha D, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti anawerengetsera bwino 30.5 koma anaiyerekeza ndi 4.0 ya kPa, nasokonezeka. Chiwerengerochi chimatulutsa mmHg basi. Makina ena amasindikiza kPa, ndipo wophunzira yemwe adzakagwire ntchito ku South Africa kapena ku Britain adzakumana ndi kPa kwambiri. Kuti musinthe, chulukitsani kPa ndi 7.5: 4.0 ikhala 30.

Ndinawafunsanso kuti, bwanji PaCO2 ya mnyamatayu ikanakhala 40? Ambiri anati imeneyo ndi nambala yabwino, ili pakati penipeni pa 35 ndi 45. Ayi ndithu. Munthu wa bayikaboneti 15 sayenera kukhala ndi 40. Akafika pamenepo ndiye kuti minofu yopumira yatopa kapena ubongo wayamba kugona, ndipo pH yake ikanakhala 7.20. Nambala yomwe makina saikapo chizindikiro cha ngozi ndi yomwe ikanandithamangitsa kukaitana adokotala. Pamenepo D likanakhala yankho loona.

Mpata wa anayoni: apa ndi pomwe panabisala nkhani

M'magazi, michere ya mphamvu ya + ndi ya mphamvu ya − imalingana nthawi zonse. Koma ife timayeza ingapo chabe. Tikatenga sodiyamu n'kuchotsapo kolorayidi ndi bayikaboneti, pamatsala mpata womwe ukuimira zinthu zomwe sitinayeze. Mwa munthu wabwinobwino mpatawu umakhala cha pa 12, ndipo gawo lalikulu ndi alubumini. Asidi wachilendo akalowa m'magazi, monga maketoni kapena lakiteti, amadya bayikaboneti n'kusiya chotsalira chake mu mpatawo, ndipo mpata umakula.

```
AG = Na+ - (Cl- + HCO3-)
   = 136 - (90 + 15) = 31
```

Nditalemba 31 pa bolodi m'kalasi munati zii. Alubumini yake inali 42, choncho panalibe chokonza. Akanakhala wodwala wowonda wa alubumini yotsika, tikanawonjezera 2.5 pa mpatawo pa 10 g/L iliyonse yomwe yaperewera pa 40, chifukwa alubumini yochepa imabisa mpata. Pano mpata wakula ndi 19 pamwamba pa 12. Asidi wochuluka chotere si "wochepa" m'pang'ono pomwe.

Tsopano taonani chomwe sichikugwirizana. Pa vuto la maketoni, asidi mmodzi amadya bayikaboneti pafupifupi mmodzi. Ngati mpata wakula ndi 19, bayikaboneti inayenera kutsika ndi pafupifupi 19, kuchoka pa 24 kufika cha pa 5. Koma yatsika ndi 9 yokha, ili pa 15. Ina 10 ija yachokera kuti?

Ndinabwereza kuwerenga mawu a mayi aja, akuti wasanza kasanu ndi kawiri. Madzi a m'mimba ali ndi asidi wa hayidirokoloriki. Maselo a m'mimba akamapanga asidi ameneyu amatumiza bayikaboneti m'magazi. Pa munthu wabwino asidiyo amatsikira m'matumbo, kapamba amatulutsa bayikaboneti yomuziziritsa, ndipo zonse zimabwerera m'malo. Munthu akamasanza, asidi ndi kolorayidi zimathera m'beseni, bayikaboneti ija n'kutsala m'magazi. Impso zikanaitaya, koma thupi likauma madzi ndipo kolorayidi ikachepa, impso zimagwiritsitsa sodiyamu pamodzi ndi bayikaboneti yomweyo. Umboni wake uli pa pepala: kolorayidi 90, pomwe yoyenera ndi cha pa 98 mpaka 106. Nambala imeneyi palibe wophunzira ndi mmodzi yemwe anaizunguliza ndi cholembera.

Mukhoza kuziona m'njira ziwiri, zonse zikunena chimodzi. Mukabwezera 19 uja pa bayikaboneti 15 mupeza 34, kutanthauza kuti popanda maketoni mnyamatayu akanakhala ndi bayikaboneti ya cha m'ma 30, yomwe ndi alukalosisi yoonekeratu, kutanthauza bayikaboneti yochuluka yomwe imakweza pH. Kapena mugawe 19 ndi 9, mupeza 2.1, nambala ikapitirira 2 timakayikira kuti pali china chomwe chikukweza bayikaboneti. Ndimawachenjeza ophunzira kuti kuwerengetsera uku n'kongoyerekeza. Manambala 12 ndi 24 ndi apakatikati, munthu aliyense ali ndi ake, ndipo labu iliyonse ili ndi malire ake. Ndikanapeza 1.3 kapena 1.5 sindikanamangapo nkhani. Koma kusiyana kwa 10, pa wodwala yemwe wasanza masiku awiri ndipo kolorayidi yake ili 90, sikungochitika mwangozi.

Choncho yankho ndi C. Kusanza kunakweza pH yomwe maketoni anaitsitsa. Bayikaboneti ikanakhaladi 5, mapapo akanatsitsa PaCO2 kufika cha pa 15, ndipo pH ikanakhala pafupifupi 7.14, nambala yomwe aliyense akanaithamangira. Maketoni ake ndi omwewo, kuuma kwa thupi n'komweko, ngozi ndi yomweyo. Chasintha ndi nambala yoyamba pa pepala.

Mtsikana uja sanagonje msanga, ndipo ndinakondwera nazo. Anati, "Koma aphunzitsi, malire a 7.30 aja sitinawapeke ife." Zoona. Koma malamulo ake amati pH pansi pa 7.30 kapena bayikaboneti yotsika, ena amaika malire pa 15, ena pa 18, pamodzi ndi shuga wokwera ndi maketoni. Liwu loti "kapena" ndi lomwe anthu amalidumpha. Ndivomerenso kuti yankho A ndinalilemba mokopa dala, theka lake loyamba ndi loona. Mayeso ambiri a zachipatala amatchera msampha wotere: yankho lomwe likufotokoza bwino manambala atatu oyamba koma likunyalanyaza sodiyamu ndi kolorayidi. Wolemba funso akakupatsani Na+ ndi Cl- pamodzi ndi mpweya wa m'magazi, sanazilembe pofuna kudzaza pepala. Akufuna muwerengetsere mpata.

Chithandizo chomwe anapatsidwa

Mu wodi, adokotala omwe anali pa ntchito anaona mpatawo ndipo anamutenga ngati wodwala maketoni kwathunthu. Anayamba ndi diripi ya madzi amchere a 0.9%, lita imodzi mu ola loyamba, kenaka malita otsatira pang'onopang'ono. Insulini inayamba kudzera mu mtsempha pa mlingo wa 0.1 yuniti pa kilogalamu pa ola, zomwe kwa iye ndi mayuniti 5 pa ola. Shuga tinkayeza ola lililonse pa chala. Atatsika pansi pa 14 mmol/L tinawonjezera diripi ya shuga ya 10% kuti insulini ipitirire, pakuti insulini pamenepa ikuthamangitsa maketoni, osati shuga yekha. Bayikaboneti sanapatsidwe, ndipo panalibe chifukwa. Imaganiziridwa pH ikatsika pansi pa 6.9 kapena 7.0, ndipo mwa wodwala uyu ikanangowonjezera alukalosisi yomwe anali nayo kale.

Panalakwika chinthu chimodzi, ndipo ine ndinali m'gulu la olakwitsawo. Potaziyamu 4.1 inaoneka yabwino, pepala la labu silinaikepo chizindikiro, ndipo malita atatu oyamba anapita opanda potaziyamu. Lita yoyamba kupita yopanda kanthu si vuto. Yachiwiri ndi yachitatu zinayenera kukhala ndi 40 mmol pa lita, monga momwe malamulo ambiri amanenera potaziyamu ikakhala pakati pa 3.5 ndi 5.5 ndipo wodwala akukodza. Aliyense ankaganiza kuti mnzake wathira.

Funso lachiwiri: patapita maola asanu ndi atatu

Sabata yotsatira ndinabweretsa pepala lachiwiri la wodwala yemweyo. Ulendo uno magazi anali a mtsempha wamba, ndipo pa vuto la maketoni zimenezo n'zokwanira: pH ya mtsempha wamba imangotsika ndi pafupifupi 0.03 poyerekeza ndi ya mtsempha wogunda, bayikaboneti imasiyana pang'ono, ndipo wodwala mumamupulumutsa ku jakisoni wowawa wa pamkono. Chomwe simungadalire pa magazi otere ndi okosijeni.

```
pH      7.33
pCO2    33 mmHg
HCO3-   17 mmol/L
Na+     139   Cl-  107   K+  3.4  mmol/L
Glu     12.6 mmol/L
```

Funso linali lakuti, chithandizo chikugwira ntchito kodi, ndipo chofunika kuchita msanga n'chiyani?

Ena anagweranso m'dzenje lomwe lija, koma chakumbuyo. Anati pH yangochoka pa 7.32 kufika 7.33, bayikaboneti pa 15 kufika 17, maola asanu ndi atatu athera pachabe, tiwonjezere insulini. Koma ambiri tsopano anayamba ndi mpata, ndipo ndinamva zolembera zikukanda mapepala ndisanamalize kuwerenga funso. 139 kuchotsa 107 ndi 17 itsala 15. Mpata wachoka pa 31 kufika 15. Maketoni atsala pang'ono kutha. Chithandizo chagwira bwino kwambiri.

Nanga bwanji bayikaboneti sinakwere? Pali zifukwa ziwiri zomwe zikuyendera limodzi. Choyamba, alukalosisi ya kusanza ija yachira: madzi amchere abwezera kolorayidi ndi madzi m'thupi, impso zamasuka kutaya bayikaboneti yoonjezera ija. Ndodo yomwe inkachirikiza pH yachotsedwa nthawi yomweyo yomwe katundu amatsitsidwa. Chachiwiri, maketoni ambiri anatayika mu mkodzo. Maketoni omwe atsala m'thupi, insulini ikabwera, amasandulika bayikaboneti. Omwe anapita ndi mkodzo sabwerera, ndipo malo awo amatengedwa ndi kolorayidi ya mu diripi, yomwe ili ndi 154 mmol pa lita. N'chifukwa chake kolorayidi yakwera kuchoka pa 90 kufika 107. Asidi wotsalayu ndi wa mtundu wina, wopanda mpata waukulu, ndipo impso zimamukonza zokha m'tsiku limodzi kapena awiri. Kuwonjezera insulini sikungamuchotse.

Wophunzira wina anafunsa ngati sitingangoyezanso mkodzo kuti tione ngati maketoni atha. Kapepala koyezera mkodzo kamaona mtundu umodzi wa maketoni, asetoasiteti, pomwe wochuluka pa chiyambi ndi wina, beta-hayidirokisibyutireti. Wodwala akamachira wachiwiriyu amasandulika woyamba uja, choncho mkodzo ungapitirize kuonetsa 3+ munthu akupeza bwino. Pomwe pali kamakina koyezera maketoni pa chala, gwiritsani ntchito kameneko, ndipo pansi pa 0.6 mmol/L ndiye kuti atha. Pomwe palibe, mpata wa anayoni ndi womwe ungakutsogolereni.

Chofunika kuchita msanga chinali potaziyamu, ndipo kuwonjezera insulini kukanaitsitsa koposa. Apa ndinawafotokozera chifukwa chomwe 4.1 ya poyamba inali yonyenga. Insulini ikasowa ndipo shuga akakwera, potaziyamu imatuluka m'maselo kulowa m'magazi, kenaka n'kutayika mu mkodzo wochuluka uja. Kusanza nako kumapangitsa impso kutaya ina. Choncho m'magazi imaoneka yokwanira pomwe m'maselo, momwe mumakhala pafupifupi yonse, mwatsala pang'ono. Odwala maketoni ambiri amafika ndi potaziyamu ya 5 kapena kuposera. Kufika ndi 4.1 ndi chizindikiro choti nkhokwe yapita kale pansi. Insulini ikangoyamba imaibwezera m'maselo, ya m'magazi n'kugwa, ndipo mtima ndi minofu yopumira ndi zomwe zimayamba kuvutika.

Malamulo amasiyana pang'ono pa malire oimitsira insulini, ena amati 3.3 ena 3.5, ndiye pa mayeso ndinavomera yankho lililonse lomwe linati potaziyamu ndiyo yoyamba, aitanidwe adokotala aakulu, ndipo insulini isawonjezeredwe. Omwe analemba kuti potaziyamu ibayidwe mwachindunji mu mtsempha ndinawapatsa ziro pa funso lonse, ndipo ndinawaitana mmodzimmodzi. Potaziyamu kolorayidi siibayidwa yosasungunula; imaimitsa mtima. Imathiridwa mu botolo la diripi, botolo n'kulitembenuza kangapo kuti isakhale pansi, n'kulembapo, ndipo imayenda mosapitirira 10 mmol pa ola pa mtsempha wa pamkono, kapena mpaka 20 ngati mtima ukuyang'aniridwa pa makina.

Mu wodi usiku umenewo adokotala aakulu anaimitsa insulini kwa ola limodzi, potaziyamu inayamba, ndipo titayezanso inali 3.8. Insulini inayambiranso pamodzi ndi diripi ya shuga. M'mawa mwake mpata unali 12, bayikaboneti 19, mnyamatayo anamwa phala osasanza. Tinamubaya insulini ya pakhungu asanadye, ndipo ya mu mtsempha tinaisiya ikuyenda kwa ola lina tisanaitseke, chifukwa insulini ya mu mtsempha imatha m'magazi m'mphindi zochepa ndipo maketoni angabwerere ya pakhungu isanayambe kugwira.

Zomwe ndasintha pa kaphunzitsidwe

Pa bolodi langa panali masitepe atatu: pH, PaCO2, HCO3-. Tsopano alipo asanu ndi limodzi, ndipo loyamba si nambala ayi, ndi kuwerenga nkhani ya wodwala n'kulemba pambali zomwe mukuyembekezera musanayang'ane pepala la makina. Pa mnyamatayu munthu akanalemba kuti insulini yatha, ndiye asidi. Wasanza masiku awiri, ndiye alukalosisi. Akupuma mozama, ndiye PaCO2 yotsika. Wolemba zimenezi akaona 7.32 sangati vuto ndi lochepa, angafunse kuti ziwirizi zagawana bwanji. Pambuyo pa masitepe atatu akale aja ndawonjezera chiwerengero cha Winters, ndiponso mpata wa anayoni pamodzi ndi kuuyerekeza ndi kutsika kwa bayikaboneti.

Pali chodandaula chomwe ophunzira anabweretsa ndipo ndi chomveka: zipatala zambiri zomwe adzatumizidweko zilibe makina oyezera mpweya wa m'magazi, ndipo pomwe alipo timakatiriji take timatha. Ndinawaonetsa kuti pa nkhani iyi mbali yomwe inaulula zobisika sinafune makinawo. Sodiyamu, kolorayidi ndi bayikaboneti zimapezeka pa magazi wamba a ku labu, ngati labuyo ikuyeza zitatu zonsezi. Ndipo pomwe ngakhale zimenezo palibe, mnyamata wa shuga 28, maketoni 3+ mu mkodzo, lilime louma ndi kupuma ka 30 kozama amayambitsidwa madzi amchere nthawi yomweyo, osadikira pH.

Funsoli ndalisunga kuti ndidzalipereke kwa kalasi ya chaka chamawa. Ndachotsamo chinthu chimodzi chokha: yankho C ndalifupikitsa kuti lilingane ndi anzake.